Kodi nambala 750 pa tcheni ndi umboni woti ndi golide?

"Bambo, ndithandizeni nzeru. Azakhali anga amene ankagwira ntchito ya unamwino ku Mangalande anandisiyira mphete pomwalira. M'kati mwake muli tizizindikiro tisanu: zilembo ziwiri, kachisoti kachifumu, 375, kanangula ndi chilembo chachikulu F. Tsopano mlamu wanga wangobwera kumene kuchokera ku Joni, ndipo akufuna ndimubwereke K800,000, chikole chake tcheni chachikasu cha magalamu 24. Pokolowekera pake palembedwa 750 ndi ITALY. Iye akuti nambala yakeyo ndi yaikulu kuposa ya pa mphete yanga, ndiye chake ndi golide weniweni, yanga ndi yosakaniza. Ndimukhulupirire? Sindikufuna kudana naye, koma ndalamazo ndi mpamba wa bizinesi yanga."

Mayi wa ku Chirimba

Mayi, pepani ndi imfa ya azakhali, ndipo mtima ukhale m'malo. Mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'manja, chifukwa ambiri amafika pa benchi langa la umisiri wa golide zitatha kale. Yankho lalifupi ndi ili: mphete yanu ili ndi umboni wolemera kuposa tchenicho, ngakhale nambala yake ndi yaing'ono. Tchenicho chikhoza kukhala golide ndithu, sindikuti alamu anu akunama. Koma zimene zalembedwa pokolowekerapo pazokha sizingayimire K800,000. Ndikufotokozerani chifukwa chake, kenako ndikuuzeni zoti muchite kunyumba ndi zoti mukachite kwa mmisiri.

Tiyambe ndi manambalawo, popeza mkangano wagona pamenepo. Nambala ya pa golide imanena magawo a golide weniweni pa magawo 1,000 a chitsulo chonsecho. 375 ikutanthauza kuti pa magawo 1,000, magawo 375 ndi golide, otsalawo ndi mkuwa, siliva ndi zinki. Ameneyu ndi amene timati golide wa makarati 9. 585 ndi makarati 14, 750 ndi makarati 18, 916 ndi makarati 22, ndipo 999 ndi makarati 24, golide wosasakaniza. Pamenepa alamu anu akunena zoona pang'ono: 750 ali ndi golide wochuluka kawiri kuposa 375. Pamene aphonya ndi poti chawo n'chosasakaniza. Cha 750 nachonso n'chosakaniza, gawo limodzi pa magawo anayi si golide. Ndipo kusakanizako si chinyengo ayi. Golide yekhayekha ndi wofewa kwambiri, mphete yake imapindika ndi kukalika mukangoigwiritsa ntchito pochapa ndi pophika. Amasakaniza dala kuti alimbe.

Tsono funso lenileni si loti nambala yaikulu ndi iti. Funso ndi loti anadinda nambalayo ndani.

Kachitsulo kodindira 750 kamagulitsidwa poyera ngati chida china chilichonse cha mmisiri, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Ine ndili nato tingapo m'kabati, ta 375, ta 750, ta 925. Ndikatenga kachidutswa ka bulasi, n'kuika kachitsuloko pamwamba, n'kumenya kamodzi ndi hamala, bulasiyo amatuluka atalembedwa 750 mooneka bwino ngati wa m'sitolo yapamwamba. Chitsulo sichikana chidindo. Choncho nambala yokhayokha ndi mawu a amene anapanga chinthucho, akudzichitira yekha umboni. Ngati ndi munthu woona mtima, mawuwo ndi oona. Ngati ndi kampani yodziwika imene ingataye mbiri yake kapena kuimbidwa mlandu ikanama, mawuwo ali ndi kulemera. Koma tcheni chikadutsa m'manja anayi kapena asanu, kuchokera ku fakitale yosadziwika mpaka pa msika wa mumsewu, palibenso amene mungamugwire pa mawuwo.

Mawu oti ITALY nawonso ndi chimodzimodzi. Dziko la Italy limapangadi matcheni ambiri a golide, makamaka ku Arezzo ndi ku Vicenza, n'chifukwa chake achinyengo amakonda kudinda dzinalo. Katundu wopangidwa kumeneko motsatira lamulo amakhala ndi chidindo cha fakitale: kanyenyezi, nambala ya fakitaleyo ndi zilembo ziwiri za chigawo, monga AR pa Arezzo kapena VI pa Vicenza, zonse zili m'kabokosi kamodzi. Chifunefuneni pa kachitsulo kathyathyathya kamene kali kumapeto kwa tcheni. Mukachipeza, chiyembekezo chakwera pang'ono. Komabe kumbukirani kuti nachonso amadinda ndi eni fakitale, osati munthu wapadera, ndipo chimakopedwa.

Mphete yanu inadutsa njira ina. Ku Britain lamulo silimulola wogulitsa kutchula chinthu kuti ndi golide kapena siliva ngati sichinayesedwe ndi ofesi yoyima payokha, imene sipanga katunduyo ndipo sipindula akagulidwa. Mwambo umenewu ndi wakale zedi. Lamulo loyamba linakhazikitsidwa mu 1300 pansi pa mfumu Edward Woyamba, ndipo kuyambira mu 1478 amisiri a mu London ankapititsa katundu wawo ku nyumba yotchedwa Goldsmiths' Hall kuti akayesedwe ndi kudindidwa. Lamulo limene likugwira ntchito lero ndi la 1973, ndipo linayamba kutsatidwa mu 1975. Maofesi alipo anayi, iliyonse ndi chizindikiro chake: London ndi mutu wa kambuku, Birmingham ndi nangula, Sheffield ndi duwa la rozi, Edinburgh ndi nyumba ya malinga. Chinthu chikalephera mayeso sachidinda pa mlingo umene mwini wake amafuna, ngakhale chitapelewera pang'onong'ono.

Tiyeni tiwerenge mphete yanu chizindikiro ndi chizindikiro. Zilembo ziwirizo ndi za amene anaipititsa ku ofesi kukayesedwa. Akhoza kukhala mmisiri amene anaisula, kapena sitolo, ndipo zilembozo zinalembetsedwa ku ofesiko kotero kuti mwini wake amadziwika. Nangula akunena kuti inayesedwa ndi ofesi ya Birmingham, imene inatsegulidwa mu 1773. 375 tanena kale. Chotsala ndi kachisoti ndi F, ndipo ziwirizi zikathandizana zimatiuza chaka.

Chilembo chimasintha chaka ndi chaka, ndipo afabeti ikatha amayambiranso ndi kalembedwe kena. Kotero ma F alipo ambiri m'mbiri ya Birmingham, ndipo F yekha sangatiuze kanthu. Apa m'pamene kachisoti kakutithandiza. Chisanafike chaka cha 1975, kachisoti kankadindidwa pa golide wa makarati 18 ndi 22, pomwe wa makarati 9 ankalembedwa 9 ndi .375 popanda chisoti. Kuyambira 1975 kanayamba kuikidwa pa milingo yonse ya golide. Chaka chomwecho maofesi onse anagwirizana kuyamba ndi A pamodzi ndi kumasintha chilembo pa 1 Januwale. Werengani nokha: A ndi 1975, B ndi 1976, mpaka F amene ndi 1980. Mu 2000 anayambiranso ndi zilembo zazing'ono, ndiye f wamng'ono akanakhala 2005. Inu mwati ndi F wamkulu, choncho ngati mwaona bwino, mphete ya azakhali inayesedwa ku Birmingham mu 1980. Funsani akuluakulu akwanu ngati chakacho chikugwirizana ndi nthawi imene anali kumeneko. Zikagwirizana, umenewo ndi umboni winanso, ndipo ndikhulupirira mudzaikonda mpheteyo koposa.

Pali kanthu kamodzi koti musunge ngati mudzagula katundu wa ku Britain wa masiku ano. Kuyambira mu 1999 zizindikiro zokakamizidwa ndi zitatu zokha: cha mwini katundu, nambala, ndi cha ofesi. Chilembo cha chaka, chisoti, ndi kamkango koyenda kamene kamaikidwa pa siliva wa 925, zonsezi n'zoonjezera mwa kufuna. Kusowa kwake kusakuchititseni mantha. Komanso tinthu topepuka sitikakamizidwa kudindidwa: golide wosakwana galamu imodzi, ndi siliva wosakwana magalamu 7.78. Ndolo zing'onozing'ono zopanda chidindo zikhoza kukhala golide wabwinobwino.

Tsopano ndikuchenjezeni, kuti musachoke pano mukuganiza kuti chidindo cha ofesi chimatsimikiza zonse. Chimanena chinthu chimodzi chokha: pa tsiku limene chinthuchi chinafika ku ofesi, chitsulo chake chinali ndi golide wosachepera pa nambalayo. Basi. Sichinena kanthu za mwala umene uli pa mphete, kaya ndi dayamondi kaya ndi galasi. Sichinena kuti chinthucho n'cha ndani kapena kuti sichinabedwe. Sichitchula mtengo. Ndipo sichidziwa zimene zinachitika pambuyo pake. Mphete ikakulitsidwa, mmisiri amaidula n'kuikapo kachidutswa, ndipo kachidutswako kakhoza kukhala ka golide wotsika pomwe chidindo chili pompo. Nthawi zina podula amadula chidindo chenichenicho, mphete yeniyeni n'kutsala yopanda chizindikiro. Zaka makumi anayi pa chala nazonso zimafufuta zilembo. Choncho zonse ziwiri zimachitika: chabodza chokhala ndi chidindo, ndi chenicheni chopanda chidindo.

Zidindo za ofesi nazo amazibera m'njira ziwiri zimene ndakumana nazo. Yoyamba ndi kutenga mphete yeniyeni, kuumba chikombole chake, n'kuthiramo chitsulo china chosungunuka. Zizindikiro zimatuluka, koma zimaoneka zofewa, m'mphepete mwake mozungulira ngati zalembedwa pa sopo, ndipo pansi pake pamakhala timaenje ngati ta mchenga. Chidindo chomenyedwa chimakhala chakuthwa m'mphepete, pansi pake posalala. Maofesi masiku ano amalembanso ndi makina a kuwala kwamphamvu otchedwa leza pa zinthu zosalimba, ndipo zilembo zake sizilowa pansi kwambiri koma zimakhala zowongoka bwino. Yachiwiri ndi kudula kachidutswa kokhala ndi chidindo chenicheni n'kukawotcherera pa chinthu chabodza. Mukapumira mpweya pamalopo, kapena mukayang'ana ndi galasi lokuza zinthu, mumaona kamzere kopyapyala kozungulira chidindo, kapena mtundu wosiyana pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Mayi. Tengani foni, yatsani kamera, kuzani chithunzi, yang'anani muli padzuwa.

Njira yachiwiriyi ndi imene ikundidetsa nkhawa pa tcheni, chifukwa pa tcheni safunikanso kudula kanthu. Pokolowekera ndi kachinthu kapadera, kolumikizidwa ndi kamphete kamodzi kakang'ono. Munthu wa pulayala amakachotsa ndi kuika kena m'kamphindi. Ndili wachinyamata pa ntchitoyi, bambo wina anandibweretsera tcheni kuti ndigule. Ndinayesa pokolowekera ndi asidi, panatuluka makarati 18 bwinobwino, ndinalipira. Patapita masiku ndinadula kamphete kamodzi ka pakati kuti ndikonzere ntchito ina, ndipo m'kati munali mofiirira, mkuwa wokhawokha. Golide anali pokolowekera pokha, wosakwana ngakhale galamu. Ndinataya ndalama zimene ndinasonkhanitsa kwa miyezi, ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa pakhomo panali pakudalira ine. Kuyambira tsiku limenelo tcheni ndimachiyesa malo atatu: pokolowekera, chakumapeto ndi pakati penipeni.

Musanayese chilichonse, werengani zonse zolembedwa, chifukwa kawirikawiri chinthu chimaulula chokha. Mukaona GP kapena GEP kapena HGE pafupi ndi nambala, monga 18K GP, ndiye kuti golide anangopakidwa pamwamba ndi magetsi, wopyapyala kwambiri kotero kuti tsitsi limodzi n'lochindikala kuposa iye maulendo makumimakumi. GF, monga 1/20 12K GF, ndi chikopa cha golide chochindikalirapo chomatidwa pa bulasi: gawo limodzi pa magawo 20 a kulemera konse ndilo golide wa makarati 12. Chinthu chachikasu cholembedwa 925 ndi siliva wopakidwa golide. Pa masipuni ndi matiyipoti akale, EPNS ikutanthauza siliva wopakidwa pamwamba pa chitsulo cha mkuwa, nikelo ndi zinki, m'kati mulibe siliva ngakhale pang'ono. Opanga zinthu zimenezi ankakonda kuika tizizindikiro tinayi kapena tisanu tondondozana kuti tioneke ngati ta ofesi, ndipo anthu ambiri amasunga masipuni otere mosamala poganiza kuti ndi chuma. Zolembedwa zonsezi si bodza. Wopanga ananena zoona, ndi wogulitsa amene amasankha kuwerenga nambala yokha.

Kenako yang'anani malo amene amakhuzika: m'kati mwa timphete pamene timakwechesana, ndi pamene tcheni chimakhudza khosi. Golide weniweni ndi wamtundu umodzi kunja ndi m'kati, akakalika amaonekabe chimodzimodzi. Chopakidwa chimayamba kuonetsa zofiirira kapena zotuwa. Vuto ndi loti tcheni chatsopano sichinakhuzike, ndiye mayeso amenewa sachigwira.

Maginito ndi othandiza mbali imodzi yokha. Golide ndi siliva sakokedwa. Tcheni chikamamatira ku maginito, nkhani yatha pomwepo. Koma bulasi ndi mkuwa nazo sizikokedwa, kotero chikapanda kumamatira simunadziwebe kanthu. Ndipo musadabwe pokolowekera pakakokedwa pang'ono, m'katimo muli kasipuling'i kachitsulo ngakhale pa tcheni chenicheni.

Mayeso amene ndimawadalira kwambiri mwa onse ochitira kunyumba ndi a madzi, ndipo tcheni cha magalamu 24 n'chachikulu mokwanira kuti agwire ntchito. Maziko ake ndi oti golide ndi wolemera modabwitsa poyerekeza ndi kukula kwake. Pa kukula kumene madzi amalemera galamu imodzi, golide wosasakaniza amalemera magalamu 19.3. Wa makarati 18 amalemera pafupifupi 15.5, wa makarati 9 pafupifupi 11, siliva wa 925 pafupifupi 10.3, ndipo bulasi pafupifupi 8.5. Chidindo munthu akhoza kuchinamiza, koma sangamupatse bulasi kulemera kwa golide.

Mufunika sikelo yaing'ono ya batire yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, kapu yopepuka ya pulasitiki, madzi ndi ulusi wosokera. Sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu athunthu siyingathandize. Yambani ndi kuyeza tcheni chouma, mulembe. Tinene kuti chakwana 24.00. Thirani madzi m'kapu, donthezani kadontho kamodzi ka sopo wotsukira mbale kuti thovu la mpweya lisakanirire pa timphete, ikani kapu pa sikelo, dinani batani lolembedwa TARE kuti iwerenge 0. Mangani tcheni ndi ulusi, chikhale chopindapinda ngati kampira, n'kuchitsitsira m'madzi mpaka chimire chonse. Chigwedezeni pang'ono kuti mpweya uchoke. Chofunika kwambiri n'choti chilendewere, chisakhudze pansi kapena m'mbali mwa kapu. Nambala imene sikelo ionetse ndi kulemera kwa madzi amene tcheni chawakankha. Gawani 24.00 ndi nambala imeneyo.

Ngati tcheni n'cha makarati 18 ndithu, sikelo ionetsa pafupifupi 1.55, chifukwa 24 kugawa ndi 1.55 ndi 15.5. Ikaonetsa pafupifupi 2.2, yankho likhala pafupifupi 11, ndiye mwina ndi golide wa makarati 9 amene wavekedwa nambala ya eni ake. Ikaonetsa pafupifupi 2.3, mwafika pa 10.4, kumene kuli siliva wopakidwa. Ikaonetsa 2.8, yankho ndi 8.6, ameneyo ndi bulasi. Onani kutalikirana kwa 1.55 ndi 2.8: ngakhale dzanja litanjenjemera pang'ono simungasokoneze ziwirizi. Pamene pali posokoneza ndi pakati pa 2.2 ndi 2.3, ndipo pamenepo musagamule nokha. Bwerezani katatu, mutenge nambala imene ikubwerabwera.

Mayeso amenewa ali ndi malire ake, ndipo ndikufuna muwadziwe kuti musanamizire munthu wosalakwa. Matcheni ambiri a golide weniweni amapangidwa ndi timachubu tamphako kuti aoneke aakulu pa mtengo wochepa. Mpweya wotsekeredwa m'katimo umatsitsa yankho, ndipo golide weniweni amaoneka ngati bulasi. Mungachidziwe tcheni chotere chifukwa chimapepuka m'manja poyerekeza ndi kunenepa kwake, ndipo kawirikawiri timphete tina timakhala totiphwanyika. Chinthu chokhala ndi miyala sichiyesedwa motere. Mphete yanu nayo mwina ndi yaing'ono kwambiri: ya magalamu anayi imakankha madzi osakwana 0.4, ndiye kathovu kamodzi kamasokoneza zonse. Kumbali inayo kuli chitsulo chotchedwa tangisiteni chimene chimalemera pafupifupi ndendende ndi golide wosasakaniza, ndipo achinyengo amachibisa m'mipiringidzo ya golide ndi m'zinthu zochindikala. Choncho yankho la 15.5 ndi nkhani yabwino kwambiri, koma pa ndalama zochuluka chonchi mupitebe kwa mmisiri.

Asidi musamuyese kunyumba. Amene timagwiritsa ntchito amawotcha khungu, amachititsa khungu akalowa m'maso, ndipo utsi wake umawononga mapapo. Musalumenso tcheni ndi mano, kapena kuchiwotcha pa mbaula, kapena kuchiviika m'mankhwala oyeretsera zovala, amene amafooketsa golide wosakaniza mpaka kuthetheka. Ndaona zinthu zenizeni zitawonongeka ndi mayeso a m'maluwa.

Kwa mmisiri kumachitika izi. Amakwecha chinthu pa mwala wakuda kuti chisiye kamzere, pambali pake amakwecha kasingano ka golide wodziwika mlingo wake, n'kudonthezera asidi pa mizere yonse iwiri. Mzere wa golide wotsika umazimiririka msanga, wofanana ndi kasingano umakhalitsa mofanana. Koma akakwecha mopepuka, pamwalapo pamatsala golide wopakidwa yekha, ndipo chabodza chimapambana mayeso. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayamba wacheka kamphako ndi tupa pamalo obisika kuti afike m'kati. Bulasi akakumana ndi asidi pamenepo amachita thovu lobiriwira. Masitolo ena aakulu ali ndi makina a XRF amene amaonetsa pa sikirini kuchuluka kwa chitsulo chilichonse popanda kuwononga kanthu. Ndi abwino, koma amawerenga pamwamba pokha, salowa kutali, ndiye chikopa chochindikala cha golide chikhoza kuwapusitsa ngati sanacheke. Mayeso osatsutsika ndi a moto, pamene amadula kachidutswa, n'kukasungunula ndi mtovu kuti zitsulo zotsika zichoke, kenako n'kuchotsa siliva ndi asidi ndi kuyeza golide wotsala. Amenewo ndi a maofesi oyesa ndi malo oyengera, simungawafune pa ngongole ya pachibale.

Popeza kucheka kumasiya kachipsera, pamafunika chilolezo cha mwini wake. Apa m'pamene pali njira yosungira ubale. Musawauze alamu kuti mukuwakayikira. Auzeni kuti ndalamazi ndi mpamba, ndipo chikole chilichonse, kaya ndi cha ndani, mumayamba mwachiyesetsa. Pitani nawo limodzi, tcheni chisachoke pamaso pa nonse awiri, ndipo mmisiri akhale amene mwasankha inu, osati amene akulozerani iwo. Ndibwino akhale mmisiri amene sakufuna kugula tchenicho, mungomulipira ya kuyesa, chifukwa wofuna kugula amapindula akatchula mlingo wotsika. Pemphani kuti ayese malo atatu aja, ndipo alembe papepala kulemera ndi mlingo umene wapeza. Afunseninso alamu ngati ali ndi lisiti ya sitolo imene anagula. Kumbukirani kuti iwonso akhoza kukhala kuti anapusitsidwa. Anthu ambiri amagula matcheni otere mumsewu kwa munthu wonena kuti wasowa ya basi, ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti anatola mwayi. Zikapezeka kuti ndi bulasi, adzafunika kutonthozedwa, osati kunyozedwa. Koma akakana kuti chiyesedwe, kapena akayamba kukufulumizitsani kuti ndalama zikufunika lero lomwe, musabwereke pa chikole chimenecho.

Chikapezeka kuti n'chenicheni, werengerani motere. Magalamu 24 kuchulukitsa ndi 0.750 ndi magalamu 18 a golide weniweni. Chikapezeka cha makarati 9, ndi 24 kuchulukitsa ndi 0.375, magalamu 9 okha, theka. Onani mtengo wa golide wa tsiku limenelo pa galamu, muchulukitse. Mtengo wapadziko lonse umatchulidwa pa aunsi, imene pa golide ndi magalamu 31.1, ndiye mugawe kaye. Dziwani kuti wogula golide wakale sadzakupatsani mtengo wonsewo, amachotsapo phindu lake ndi ndalama yoyengera, ndipo ntchito ya mmisiri amene anapanga tcheni saiwerengera. Choncho ngongole ikhale yocheperapo ndithu poyerekeza ndi nambala imene mwapeza. Lemberanani pepala pamaso pa mboni: kulemera kwa tcheni, mlingo wake, tsiku lobweza, ndi chimene chidzachitike tsikulo likadutsa. Jambulaninso tcheni chili pa sikelo, kuti pobweza pasadzakhale mawu oti mwasinthitsa.

Mphete ya azakhali musaicheketse, palibe chifukwa. Mukapita ndi tcheni muitenge, mmisiri angoyang'ana zizindikiro zisanuzo ndi galasi lake kuti atsimikize kuti n'zakuthwa ndiponso kuti F ndi wa kalembedwe ka 1980. Ikadzafunika kukulitsidwa kapena kuchepetsedwa kuti ikukwaneni, muuzeni asanayambe kuti adule kutali ndi zizindikirozo, ndipo kachidutswa koonjezera kakhale ka 375.